09/08 ndi Ogasiti kapena Seputembala? Zoyenera kuona wamalonda asanayankhe imelo yakunja

Lisungwi ili kumunsi kwa boma la Neno, kufupi ndi Zalewa pomwe msewu wopita ku Mwanza ndi Zobue umapatukira. Thumba la nandolo kapena la malambe likachoka kumeneko likhoza kuthera ku Blantyre, ku Tete, ku Chipata, ngakhale ku doko la Beira kudikira sitima yapamadzi. Kale wogula ankabwera yekha ndi sikelo yake. Masiku ano ambiri amayamba atumiza imelo kapena uthenga wapafoni, ndipo mtengo, tsiku ndi ola zimagwirizanidwa anthu asanaonane maso ndi maso. Vuto ndi loti manambala omwewo sawerengedwa mofanana m'mayiko onse, ndipo palibe chimene chimachenjeza munthu kuti wawerenga molakwika. Chingerezi chikavuta, munthu amadziwa kuti sanamve ndipo amafunsa. Nambala imaoneka yomveka ngakhale pamene yamusocheretsa.

Mwachitsanzo, pakhale mayi wogula mbewu pa Lisungwi amene amapikula malambe m'midzi, kuwaswa ndi kusefa ufa wake, komanso amasonkhanitsa nandolo nyengo yake ikakwana. Ndalama zonse zimene zitchulidwe m'nkhani ya mayiyu ndi zongoyerekeza, si mitengo ya pamsika sabata ino. Wogula ufa wa malambe wa ku Amereka wawalembera kuti galimoto ya kampani yonyamula katundu idzafika pa Zalewa tsiku ili:

```
Pickup: 09/08/2025
```

Mayiwa awerenga monga aliyense anaphunzirira kusukulu m'Malawi: tsiku, mwezi, chaka. Kwa iwo ndi pa 9 Ogasiti. Nthawi yachepa, choncho atenga ngongole ya K2,000,000 ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, alemba aganyu oswa ndi kusefa, ndipo abwereka galimoto yokatula matumba pa Zalewa. Pa 9 Ogasiti akhala pamsewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, galimoto ya wogula osaoneka. Wogulayo sananame. Ku Amereka amayamba ndi mwezi, kenako tsiku, ndiye 09/08 kwa iye ndi Seputembala 8. Mayiwa alipira galimoto kawiri, kupita ndi kubwerera, asunga ufa mwezi wathunthu kuopa chinyontho ndi makoswe, ndipo ngongole yabala K400,000 katundu asanachoke n'komwe. Palibe amene angamudandaulire, chifukwa tsiku linalembedwa ndipo iwo anavomera.

Si tsiku lililonse limene limasokoneza chonchi. Miyezi ilipo 12 yokha, ndiye nambala yoposa 12 singakhale mwezi. 25/09 ndi 09/25 zonse ndi pa 25 Seputembala, palibe njira ina yoziwerengera. Msampha uli pa masiku 12 oyambirira a mwezi uliwonse, kupatula pamene tsiku ndi mwezi zafanana monga 09/09. Kuwerengera bwino, ndi masiku 132 pachaka, kuposa tsiku limodzi mwa masiku atatu aliwonse.

Pamenepa ndi pomwe pali njira yoyamba yodziwira. Wamalonda asayang'ane tsiku limodzi lokhalo, afufuze masiku ena m'kalata imodzimodziyo kapena m'makalata akale a munthu yemweyo. Ngati penapake pali 07/21/2025, nambala yaikulu ili pakati, ndiye wolembayo amayamba ndi mwezi, ndipo masiku ake onse awerengedwe motero. Ngati pali 21/07/2025, amalemba ngati kuno. Njira yachiwiri ndi dzina la tsiku. Pa 9 Ogasiti 2025 linali Loweruka, pomwe pa 8 Seputembala 2025 linali Lolemba. Wogula uja akadalemba kuti `Monday`, mayi aja akadangotsegula kalendala ya mufoni n'kuona kuti pa 9 Ogasiti sipakugwirizana. Ngati njira ziwirizi sizikuthandiza, chatsala n'kufunsa, ndipo funso labwino si lakuti "tsiku lake ndi liti", chifukwa munthu adzangobwereza manambala omwe aja. Labwino ndi lotchula masiku onse awiri ndi mayina a miyezi, kuti iye asankhe limodzi.

Ena angaganize kuti nkhaniyi sikuwakhudza poti sagulitsa ku Amereka. Ikuwakhudza. Makompyuta ambiri amene ali m'maofesi ndi m'malo otayipira makalata kuno anatcheredwa pa kalembedwe ka ku Amereka ndipo palibe anawasintha. Munthu akatayipa 08/09/2025 mu Excel pa kompyuta yotere, akuganiza za pa 8 Seputembala, pulogalamuyo imasunga Ogasiti 9. Akatayipa 25/09/2025, pulogalamuyo siizindikira kuti ndi tsiku, imangoisiya ngati mawu wamba, ndipo kawirikawiri imakhala kumanzere kwa kabokosi pomwe masiku enawo ali kumanja. Mndandanda wa masiku ukaoneka wokhotakhota choncho, ena kumanja ena kumanzere, ndi chizindikiro chakuti ena atembenuzidwa. Invoisi yochokera ku Limbe konkuno ikhoza kukhala ndi vutoli.

Palinso kalembedwe kachitatu, koyamba ndi chaka: 2025-09-08. Ndi kamene kamapezeka pa mapepala a ku China ndi ku Japan, komanso pa mapepala ambiri a mabanki ndi a boma ku Joni. Chaka chikalembedwa chonse ndi manambala anayi, kalembedwe aka n'kodalirika, chifukwa chotsatira chaka chimakhala mwezi, tsiku n'kumalizira. Chikadulidwa kukhala 25/09/08, msampha wabwerera, poti wa kuno aona pa 25 Seputembala.

Kwa amene amachita malonda ndi a ku Tete, dzina la tsiku lili ndi msampha wakewake, ndipo ndi wosavuta kugweramo kwa munthu wolankhula Chichewa. Chipwitikizi chimawerenga masiku a sabata ndi manambala monga Chichewa, koma chimayambira pa Lamulungu. Lolemba ndi `segunda-feira`, kutanthauza tsiku lachiwiri, ndipo limalembedwa mwachidule kuti `2ª feira`. Munthu akaona 2 maganizo amathamangira ku Lachiwiri, pomwe wa ku Tete akunena Lolemba. `3ª feira` ndi Lachiwiri, `4ª feira` ndi Lachitatu, mpaka `6ª feira` lomwe ndi Lachisanu, osati Loweruka. Kuchotsapo imodzi ndiye kupeza tsiku la Chichewa. Wosadziwa izi amafika pa Zobue tsiku limodzi mochedwa nthawi zonse, n'kumadabwa kuti mnzakeyo wakwiyiranji. Mayina a miyezi ambiri amafanana ndi a Chingerezi, koma `Ago` ndi Ogasiti, `Set` ndi Seputembala, `Out` ndi Okutobala ndipo `Dez` ndi Disembala.

Mayi a pa Lisungwi aja ali ndi katundu wina: matumba 200 a nandolo, lililonse la makilogalamu 50, onse pamodzi matani 10. Atumiza uthenga kwa ogula atatu, wa ku Chipata, wa ku Tete ndi wa ku Mumbai ku Indiya. Indiya ndiye msika waukulu wa nandolo wa ku Malawi, ndipo mu 2021 mayiko awiriwa anasainirana mgwirizano wolola matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Mtengo umene mayiwa akufuna ndi K60,000 pa thumba.

Wa ku Chipata ayankha kuti apereka `K900` pa thumba. Mayiwa aseka, n'kuuza anzawo pamsika kuti munthuyu akufuna nandolo wa ulere, ndipo sayankhanso. Koma Zambia nayo ili ndi kwacha, ndipo nayonso imalembedwa ndi K. Kwacha ya Zambia ndi yolemera kwambiri: mu 2025 imodzi inkaposa makwacha 50 a Malawi pa mtengo wa kubanki. Ngati tsiku limenelo ikusinthidwa pa K70, ndiye K900 ya ku Chipata ndi K63,000 ya kuno, kuposa mtengo umene mayiwa ankafuna ndi K3,000 pa thumba. Pa matumba 200 ataya K600,000 chifukwa cha chilembo chimodzi. Mabanki anathetsa kale vutoli popatsa ndalama iliyonse zilembo zitatu: `MWK` ndi kwacha ya Malawi, `ZMW` ya Zambia, `MZN` ndi metikali ya Mozambiki, `ZAR` ndi randi, `INR` ndi rupi ya Indiya, `USD` ndi dola ya Amereka. Wina akalemba `ZMK`, akugwiritsa ntchito zilembo zakale za kwacha imene Zambia inasintha pa 1 Januwale 2013 pochotsa maziro atatu, ndipo ndi bwino kumufunsa chimene akutanthauza. Chizindikiro cha $ nachonso sichikwanira, poti Canada ndi Australia ali ndi madola awo amene safanana mphamvu ndi ya Amereka.

Yankho la ku Tete ndilo lofunika kulikhalira pansi, chifukwa apa ndi pomwe ngakhale odziwa masamu amapunthwa. Wogulayo walemba:

```
2.250,00 MT / saco
Total: 450.000,00 MT
```

Ku Mozambiki, monga ku Portugal, kadontho (.) ndi mpatuliro (,) zimasinthana ntchito. Kuno mpatuliro ndiwo umalekanitsa masauzande, kadontho n'kulekanitsa matambala: K2,250.00. Kumeneko ndi mosemphana. 2.250,00 MT ndi mametikali zikwi ziwiri ndi 250, opanda masenti. Mwana wa mayiwa akatenga kalikuleta n'kutayipa 2.250 monga momwe waonera, makinawo amva 2 ndi kota, ndipo kuchulukitsa ndi 200 kupereka 450 basi. Wogula akupereka mametikali 450,000, kalikuleta ikunena 450. Kulakwitsa kwake si kwa pang'ono, ndi kwa ka 1,000.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili. Ngati nambala ili ndi zizindikiro zonse ziwiri, chomalizira ndicho cholekanitsa masenti, kaya ndi kadontho kaya ndi mpatuliro, ndipo chimatsatiridwa ndi manambala awiri. Zinazo zikungogawa masauzande ndipo pa kalikuleta sizitayipidwa. Pa mitengo ya randi pamaonekanso kalembedwe kofanana nako, mpata m'malo mwa kadontho, monga R1 250,50. Chovuta chenicheni ndi nambala yokhala ndi chizindikiro chimodzi chokha chotsatiridwa ndi manambala atatu. Wa ku Tete akalemba 1,500 t pa pepala la sikelo akutanthauza tani imodzi ndi theka. Wa ku Lisungwi awerenga matani 1,500. Apa lamulo lija silithandiza, chothandiza ndi nzeru za pamsika: galimoto imodzi singanyamule matani 1,500, ndipo thumba la nandolo silingagulidwe mametikali awiri. Nambala ikaoneka yosatheka, wamalonda ayambe wakayikira kadontho asanakayikire munthu. Aonenso mawu oti `mil`. M'Chipwitikizi ndi chikwi, si miliyoni, choncho `450 mil MT` ndi 450,000 yomwe ija.

Ndiyeno pali zilembo za MT zenizenizo. M'kalata ya ku Tete, MT ndi metikali. M'kalata ya ku Mumbai, yolembedwa m'Chingerezi cha amalonda a mbewu, MT ndi tani ya makilogalamu 1,000. Wa ku Indiya akalemba `10 MT` akunena katundu yense wa mayi aja, pomwe wa ku Tete akalemba zomwezo akunena ndalama yochepa ya m'thumba. Mayi amene akulemberana ndi onse awiri m'sabata imodzi ayenera kusiya MT kotheratu m'makalata awo, alembe `MZN` pa ndalama ndi `kg` pa kulemera.

Wa ku Mumbai akatchula marupi, manambala ake amaoneka ngati olakwika: `Rs 5,00,000`. Sanaphonye ziro. Ku Indiya amagawa manambala atatu omalizira, kenako awiriawiri, ndipo 1,00,000 amaitcha `lakh`, yomwe ndi 100,000. Choncho 5,00,000 ndi 500,000, si 5 miliyoni. Njira yake ndi kufufuta mipatuliro yonse n'kuwerenga maziro. Komanso mitengo ya m'misika ya kumeneko imatchulidwa pa `quintal`, yomwe ndi makilogalamu 100, matumba awiri a kuno. Woyerekeza mtengo umenewo ndi wa thumba limodzi aganiza kuti wapeza msika wowirikiza kawiri.

Ngakhale ndalama itatchulidwa bwino, mtengo wopanda tsiku lothera ndi ngozi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700 usiku umodzi. Amene anali atalonjeza wogula wakunja mtengo wa m'makwacha, osanena kuti ukugwira ntchito mpaka liti, anali pakati pa kuphwanya lonjezo ndi kugulitsa moluza. Koteshoni iliyonse inene tsiku limene mtengo ukuthera, ndipo ngati malipiro adzasinthidwa kuchokera ku ndalama ina, inene kuti mtengo wosinthira ndi wa banki iti, wa tsiku liti. M'Malawi mtengo wa kubanki ndi wa pamsewu zimatalikirana kwambiri, ndiye mawu oti "pa mtengo wa lero" sanena kalikonse.

Nkhani ya maola ndi yopepukirapo, chifukwa Malawi, Zambia, Mozambiki, Zimbabwe ndi Joni onse ali pa nthawi imodzi chaka chonse. Kuno imalembedwa kuti `CAT` kapena `UTC+2`. Chosiyana ndi kalembedwe chabe: a ku Zambia amakonda maola 24 ngakhale polankhula, ndipo a ku Tete amalemba 14h30 pomwe wa kuno anena kuti hafu pasiti 2 masana. Kalembedwe kameneka n'koyenera kutengera, poti 8:00 yokha sinena ngati ndi m'mawa kapena usiku, ndipo 12 AM, yomwe ndi pakati pa usiku, imasokoneza ngakhale eni ake Chingerezi.

Indiya ili patsogolo pa Malawi ndi maola atatu ndi theka, ndipo theka limenelo ndilo limaiwalika. Wogula wa ku Mumbai akanena kuti mtengo wake uthera 5 koloko madzulo, pa Lisungwi ndi 13:30. Mayi amene adikira kuti atseke kaye pamsika, akatchaje foni, ayankhe cha m'ma 4 koloko, apeza kuti anachedwa ndi maola awiri ndi theka, ofesi inatsekedwa kale. Tanzania ndi Kenya ali patsogolo ndi ola limodzi. Opikula katundu ku Dar es Salaam amadziwanso kuti m'Chiswahili maola amayambira kuwerengedwa dzuwa likatuluka, moti `saa mbili asubuhi`, ola lachiwiri la m'mawa, ndi 8 koloko ya kumeneko, yomwe ndi 7 koloko ya kuno.

Amereka ndi Mangalande amavuta mwa njira ina: amasuntha mawotchi awo kawiri pachaka, pomwe Malawi sasuntha. New York ili m'mbuyo ndi maola 6 kuyambira Lamulungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamulungu loyamba la Novembala, ndipo miyezi yotsalayo ili m'mbuyo ndi maola 7. Wogula malambe uja akanena kuti adzaimba 3 koloko masana, mu Seputembala foni idzalira 9 koloko usiku pa Lisungwi, koma mu Disembala idzalira 10 koloko. London ili m'mbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, kenako maola awiri. Kuloweza nambala imodzi sikuthandiza. Wotchi ya mufoni ili ndi malo oikapo mizinda ina, ndipo imasintha yokha nyengo ikakwana.

Mawu oti "mawa" ndi "lero" ndiwo oyenera kuchotsedwa m'makalata otere. Imelo yolembedwa ku New York Lolemba 8 koloko usiku imafika kuno Lachiwiri 2 koloko m'bandakucha, ndipo foni ya wolandira imaonetsa tsiku ndi ola la kuno, osati la wolemba. Wolembayo akati mawa akunena Lachiwiri. Wowerenga, poona kuti kalata yafika Lachiwiri, amva Lachitatu.

Mayi a pa Lisungwi aja poyamba ankalemba mzere umodzi: matumba 200, K60,000, 08/09/25, imbani 8 koloko. Mzere umenewo ukhoza kuwerengedwa mosiyana ku Chipata, ku New York ndi ku Mumbai. Wolembedwa bwino umatalika pang'ono:

```
Pigeon peas: 200 bags x 50 kg = 10000 kg
Price: MWK 60000 per bag (sixty thousand Malawi kwacha)
Total: MWK 12000000 (twelve million Malawi kwacha)
Ready: Monday 8 September 2025
Price valid until: Friday 12 September 2025, 16:00 Malawi time (UTC+2)
```

Manambala alibe kadontho kapena mpatuliro, ndiye wa ku Tete ndi wa ku Mumbai awawerenga mofanana, ndipo mawu a m'mabulaketi akugwira ntchito imene amagwira pa cheke: wina akaphonya ziro, mawuwo amugwira. Mwezi uli m'zilembo, dzina la tsiku lilipo lotsimikizira, ola lili ndi dziko lake. Polembera wa ku Tete, ndi bwino kuwonjezera tsikulo m'chilankhulo chake, `segunda-feira, 8 de Setembro de 2025`.

Kalata ya wogula ikabwera ndi manambala okhaokha, mayiwa sayankhanso kuti "chabwino". Amalembanso tsiku, ola ndi mtengo m'kalembedwe kawo kathunthu, n'kupempha wogulayo kuti avomere ndi mawu amodzi. Galimoto amabwereka yankho limenelo likafika.